Masamu a Fizikisi: Chitsulo Chotentha Chikaponyedwa M'madzi

Pa mafunso onsewa tiyerekeze kuti mphamvu ya kutentha sikutayikira ku mpweya kapena ku chotengera. Mphamvu imene chitsulo chataya ndi yomweyo imene madzi alandira.

Q = mcΔT timaigwiritsa ntchito madigiri akamakwera kapena kutsika. Apa Q ndi mphamvu ya kutentha, m ndi kulemera kwa chinthu, ΔT ndi kusintha kwa madigiri, ndipo c ndi mphamvu yofunika kuti kilogalamu imodzi ya chinthu itenthe ndi digiri imodzi. Q = mL ndi ya kutentha kobisika, pamene madzi akusanduka nthunzi kapena ayezi akusungunuka koma madigiri ali pomwepo; L ndi mphamvu yofunika kuti kilogalamu imodzi isinthe chotero.

c ya madzi = 4200, ya chitsulo = 450, ya mkuwa = 390, ya aluminiyamu = 900 J/(kg °C). L ya kuwira = 2 260 000 J/kg, ya kusungunuka = 334 000 J/kg.

Funso 1. Chidutswa cha chitsulo cholemera 0.50 kg, chotentha 200 °C, chaponyedwa m'madzi olemera 1.0 kg a 20 °C. Pezani T, madigiri amene zonse zidzathere.

0.50 × 450 × (200 − T) = 1.0 × 4200 × (T − 20)
4425T = 129 000
T = 29.2 °C

Chitsulo chazizira ndi madigiri pafupifupi 171 pamene madzi angokwera ndi 9, chifukwa madziwo ndi ochuluka ndiponso c yawo ndi yaikulu kwambiri.

Funso 2. Mkuwa wolemera 2.0 kg, wotentha 600 °C, waponyedwa m'madzi olemera 0.30 kg a 80 °C. Kodi madzi osanduka nthunzi ndi ochuluka bwanji?

Apa ndi pamene ambiri amagwa. Mukatsata njira ya funso loyamba mupeza T = 279 °C. Imani pomwepo! Madzi a m'chotengera chosavindikira sapitirira pafupifupi 100 °C, ndiye yankholo likukuuzani kuti ena awira. Yendani pang'onopang'ono.

Mkuwa kuzizira mpaka 100 °C: 2.0 × 390 × 500 = 390 000 J
Madzi kufika 100 °C: 0.30 × 4200 × 20 = 25 200 J
Yotsala: 364 800 J
m = 364 800 ÷ 2 260 000 = 0.16 kg

Musathamangire kutseka kope. Yerekezani 0.16 kg ndi madzi amene analipo. Popeza sinafike 0.30 kg, madzi sanathe onse: atsala 0.14 kg, ndipo iwo pamodzi ndi mkuwa ali pa 100 °C. Ikanapitirira 0.30 kg, madzi akanauma onse mkuwa ukadali pamwamba pa 100 °C. Kwa ine kuyerekeza kumeneku ndi kumene kumasonyeza kuti wophunzira wamvetsa.

Funso 3, lanu. Aluminiyamu wolemera 0.30 kg, wotentha 120 °C, waponyedwa m'madzi olemera 0.50 kg momwe muli ayezi wa 0.20 kg, zonse pa 0 °C. Ayezi wosungunuka ndi wochuluka bwanji, nanga T ndi chiyani? Yambani mwawerengera mphamvu yofunika kusungunula ayezi yense.

Yankho: 0.097 kg; T = 0 °C.