Kufotokozera lipoti la kusiyana kwa bajeti ya zipangizo, Januwale mpaka Malichi 2024

Kupita kwa: a Tcheyamani ndi mamembala a komiti ya chuma
Kuchokera kwa: Msungichuma, shopu ya ukalipentala, Luwinga, Mzuzu
Tsiku: 12 Epulo 2024

Zikomo a Tcheyamani. Lipoti limene mwalandira likuonetsa kuti pa zipangizo za madesiki a sukulu tinaika K5,000,000 mu bajeti, koma ndalama zimene zatuluka ndi K7,260,000. Tapyola ndi K2,260,000, kapena kuti ndi 45 peresenti. Ena anena kale kuti imeneyi ndi nkhani ya kugwa kwa kwacha basi, poti mu Novembala 2023 inagwa ndi 44 peresenti. Manambala awiriwa angofanana mwangozi. Malisiti ndi buku la kusitolo zikuonetsa zifukwa zitatu, ndipo kulemera kwake n'kosiyana.

Choyamba n'chosadetsa nkhawa. Bajeti inali ya madesiki 200, koma oda inawonjezedwa mu Febuluwale ndipo tinakhoma 220. Pa mitengo ya mu bajeti desiki imodzi imadya zipangizo za K25,000, choncho madesiki 20 owonjezerawo atenga K500,000, ndipo eni oda analipira. Tikachotsa imeneyi, kupyola kwenikweni ndi K1,760,000 pa K5,500,000, komwe ndi 32 peresenti.

Gawo lalikulu ndi la mitengo, K1,375,000. Bajeti inalembedwa mu Okutobala, kwacha isanagwe. Thabwa la paini tinaliwerengera K3,500, koma tagula pa K4,200 tikaphatikiza maulendo onse. Kusiyana kwa K700 pa matabwa 1,430 kukupereka K1,001,000. Mwina mufunsa kuti paini wa ku Chikangawa, pakhomo pathu pomwepa, akukhudzana bwanji ndi dola. Mtengo umamera kuno, inde, koma dizilo wa makina ochekera ndi wa lole yotuta matabwa amachokera kunja, ndipo nthawi ya mvula misewu ya m'nkhalango ikaterera malole ofika kumsika amachepa, ogulitsa n'kukweza. Misomali, guluu, vanishi ndi sandipepa ndiye zinakwera kwambiri: K5,700 pa desiki m'malo mwa K4,000, zomwe zawonjezera K374,000. Tinafunsa mitengo m'mahadiweya atatu m'tauni tisanagule, ndipo mapepala ake ndawaika kumbuyo kwa lipoti. Palibe kumene kunali kotsika moti n'kusintha chithunzichi.

Pamene ndikupempha komiti kuti ikhalepo nthawi ndi pa K385,000 yotsalayo. Ndi yaying'ono pa zitatuzi, koma ndi yokhayo imene ili m'manja mwathu. Muyezo wathu ndi matabwa 6 pa desiki, ndiye madesiki 220 anayenera kutha matabwa 1,320. Kusitolo kwatuluka 1,430. Matabwa 110 opitirirawo ndawawerengera pa mtengo wa mu bajeti, K3,500, kuti kukwera kwa mtengo kusawerengedwe kawiri.

Pa 110 amenewa, 70 anapindika kapena kung'aluka. Anabwera aawisi kumapeto kwa Januwale, ndipo poti tsiku lopereka madesiki linali pafupi, anapalidwa asanaume. Mvula ya kuno mukuidziwa, thabwa silingaume pa sabata ziwiri, makamaka likasanjidwa pansi popanda timitengo tolekanitsa kuti mphepo izidutsa. Madesiki ena anatseguka m'malumikiziro ali m'shopu momwemo ndipo pamwamba pake panakhomedwanso. Ena 40 anawonongeka podula, ambiri pa benchi ya anyamata ophunzira ntchito. A folomani akuti wophunzira sangalephere kuwononga, ndipo akunena zoona, koma bajeti yathu ilibe mzere wa zimenezo. Ndaonanso ngati pali matabwa osowa: ayi, zidutswa zilipo kuseri kwa shopu ndipo zikugwirizana ndi buku. Zina zikhoza kupangidwa timipando, ndalama pang'ono n'kubwerera.

Mtengo wa desiki tinagwirizana ndi eni oda kwacha isanagwe ndipo sunasinthe, choncho K1,760,000 yonseyo yadya phindu lathu.

Ndikupempha komiti kuti pa msonkhano wa pa 19 Epulo ivomereze kuti bajeti ya Epulo mpaka Juni ilembedwenso ndi thabwa pa K4,200 ndi zipangizo zing'onozing'ono pa K5,700, zomwe zikufikitsa desiki pa K30,900, komanso kuti mtengo uliwonse umene tikupatsa kasitomala uzigwira ntchito masiku 30 okha. Muyezo wa matabwa 6 ndikuona kuti usakwezedwe, chifukwa ukakwezedwa kuwonongekaku kudzabisala mu bajeti. M'malo mwake pakhale mzere wapadera wa ophunzira, ndipo a folomani abweretse mtengo wa malata ndi mapolo a shedi youmitsira matabwa, kuti tizigula matabwa a nthawi ya mvula mu Seputembala ndi Okutobala.

Ine wanu,
Msungichuma