Lipoti la Kauniuni wa Ntchito: Bambo Lekeleni Mbewe, Woyang'anira Nkhokwe

Malo a ntchito: nkhokwe ya kopaletivu yathu pa Kamwendo, m'boma la Mchinji
Nyengo younikidwa: 1 Epulo 2024 mpaka 31 Malichi 2025
Wounika: Mayi Tiyanjane Zulu, manijala wa kopaletivu
Tsiku lokambirana: Lachinayi, 10 Epulo 2025

Malikisi akuyambira pa 1 kulekeza pa 5. Kupeza 3 ndiye kuti ntchito yagwirika monga tinagwirizanirana. 5 ndi kupyola pamenepo kwambiri, 1 ndi kulephereratu. Umboni wachokera m'buku la katundu, m'malisiti, m'malipoti a sabata ndi m'mabuku a misonkhano ya makalabu.

1. Sikelo ndi kuwerengera katundu: 5

Chaka chino nkhokwe inalandira matumba 1,840 a mtedza woswa ndi 2,310 a soya, lililonse la makilogalamu 50. Tinawerenga katundu kanayi, mu Juni, Seputembala, Disembala ndi Malichi. Pa matumba 4,150 onsewo anasiyana ndi buku ndi 3 okha, ndipo 2 mwa iwo anapezeka kuti anakwezedwa pa lole osalembedwa.

Komabe chomwe chawapatsa 5 ndi nkhani ya pa 21 Meyi. M'mawa uliwonse a Mbewe amayamba ayesa sikelo ndi chitsulo cha makilogalamu 20. Tsikulo sikelo inawerenga 19.2. Anaimitsa kugula, alimi ali kale pamzere, nakabwereka ina kwa anzathu a pa Waliranji, ndipo yathuyo sinagwirenso ntchito mpaka a Malawi Bureau of Standards ataiona. Kenako anafufuza malisiti a dzulo lake n'kupeza alimi 14 omwe mwina anaberedwa ndi sikeloyo, ndipo onse anawonjezeredwa ndalama. Palibe mlimi anadandaula, palibenso anawatuma. Akanangokhala chete, ngakhale ine sindikanadziwa.

2. Kusamala mbewu: 4

Malire athu pa chinyezi cha mtedza ndi 8 peresenti. Mu Julayi a Mbewe anabweza matumba 62 a kalabu ina ya ku Kapiri atapeza 11 peresenti. Eni ake anali atawaza madzi makoko kuti afewe poswa, chizolowezi chomwe chimaitana chuku. Panali mawu ndithu, mpaka wapampando wa kalabuyo anandiimbira foni, koma a Mbewe sanasunthe. Anawabwereka alimiwo malona oyanikira, ndipo matumba 55 anabweranso atauma. CG7 ndi Chalimbana amazisanja padera, zonse pa mathandala. Wogula wathu wa ku Lilongwe sanatibwezere thumba ngakhale limodzi.

Chawatsitsa ndi denga. Mu Januwale mvula inalowera pa ngodya ya kuvuma n'kunyowetsa matumba 18 a soya, ndipo 7 tinawagulitsa motchipa ngati chakudya cha ziweto. A Mbewe akuti anandiuza za kudonthako mu Novembala. Ndikukumbukira, anandiuziradi pakhomo ndikukwera njinga yamoto, ndipo kuti malata sanakonzedwe ndi mlandu wanga. Koma sanalembe m'buku la zowonongeka, ndiponso matumbawo anawasanja mogunda khoma pamalo omwe ankadziwa kuti pamadontha.

3. Zolembalemba ndi malipoti: 2

Apa ndi pomwe tinakhalitsa. Lipoti la sabata liyenera kufika Lolemba isanakwane 12 koloko masana. Mwa malipoti 52, okwana 19 anachedwa, ndipo 7 mwa amenewo anachedwa masiku opitirira atatu. Manambala ake amakhala olondola, vuto ndi nthawi. Mu Ogasiti alimi 46 anadikira ndalama zawo masiku 9 chifukwa malisiti anali asanalowetsedwe mu kompyuta, pomwe lonjezo lathu ndi kulipira kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba pasanathe masiku atatu. Mlimi amene wadikira chonchi chaka chamawa amakagulitsa kwa mavenda, ngakhale adziwe kuti sikelo yawo njokayikitsa.

A Mbewe anati laputopu ndi imodzi, amabwerekana ndi akalaliki a zachuma, komanso magetsi amathimathima. Ndinabwerera m'buku la ofesi ndipo ndapeza kuti pa maulendo 6 mwa 19 aja chifukwa chake chinalidi chimenecho. Otsala 13 alibe chifukwa cholembedwa. Mmene ndikuonera, a Mbewe amakhulupirira kope ndi cholembera, Excel amaiopa, ndiye amaunjika malisiti mpaka Loweruka madzulo. Iwo akuti akuyenera 3. Ine ndasiya 2, ndipo kusiyana kwathu kwalembedwa pano.

4. Ubale ndi alimi: 4

Anafika pa misonkhano ya makalabu 11 mwa 12. M'bokosi la madandaulo munapezeka makalata 2 okhudza nkhokwe, onse a ndalama zochedwa za mu Ogasiti zija. Boma litalengeza mitengo yoyambira kugulira mbewu, anaimata pachitseko tsiku lomwelo n'kumawerengera mokweza amene satha kuwerenga.

5. Kuyang'anira anzawo: 3

Ali ndi wothandizira mmodzi, Mayi Esinta Banda, ndi aganyu 8 nyengo yogula. Palibe anavulala chaka chonse, ndipo ndalama za aganyu sizinabweretse mkangano. Koma chilichonse chimadikira iwo. Mayi Banda atha miyezi 14 pano osagwirako makina oyezera chinyezi. Pa masiku 18 a tchuthi omwe lamulo la ntchito limapereka kwa wogwira masiku 6 pa sabata, a Mbewe anatenga 4 okha, ati nkhokwe angaisiyire yani. Atapita kumaliro ku Mkanda mu Okutobala, lole inagona panja usiku wonse chifukwa makiyi anali m'thumba mwawo.

Zonse pamodzi: 18 mwa 25, zomwe zikupereka 3.6. Ndikupempha bodi kuti iwakwezere malipiro ndi sitepe imodzi kuyambira Epulo uno.

Zomwe tagwirizana za 2025/26

Malipoti ochedwa asapitirire 4 chaka chonse, ndipo malisiti azilowetsedwa tsiku lomwe mbewu yagulidwa. Mbali ya kopaletivu ndi kugula laputopu ya nkhokwe yokha ndi batire la sola pofika 15 Meyi. Tikalephera ife, chiwerengerochi tidzachionanso. Akalaliki a zachuma aziwaphunzitsa Excel Lachitatu lililonse masana kwa masabata 8 kuyambira 23 Epulo, ndipo pa 30 Juni a Mbewe adzakonza okha lipoti la mwezi ine ndikuona.

Pofika 31 Meyi, Mayi Banda akhale akutha kuyesa chinyezi, kuyesa sikelo ndi kutseka buku la tsiku popanda wowaimirira. Kiyi wachiwiri aperekedwa kwa iwo sabata ino. A Mbewe atenga tchuthi cha masiku 10 mu Febuluwale, nthawi yomwe nkhokwe imakhala phee, ndipo masiku otsalawo tidzawaika pa kalendala mu Julayi.

Chowonongeka chilichonse chizilembedwa m'buku tsiku lomwelo, ine ndizisainira pasanathe masiku awiri. Denga likonzedwe pofika 30 Seputembala. Tidzakhalanso pansi pa 9 Okutobala 2025.

Ndemanga ya mwini ntchito

Ndawerenga ndipo zambiri ndikuvomereza. Pa malipoti ndikuonabe kuti 2 wandichepera, poti nyengo yogula ndimaweruka mdima utagwa ndipo laputopu imakhala itatsekeredwa mu ofesi. Za makiyi ndamva. Ndikupempha kuti aganyu awiri ayambe mu Meyi, osadikira Juni, kuti madzulo ndizipeza mpata wa malisiti.

Pempholi lavomerezedwa.

Wasaina: L. Mbewe, 10 Epulo 2025
Wasaina: T. Zulu, 10 Epulo 2025