Pempho loti ndikhale mlezi wovomerezeka wa ana a malemu mng'ono wanga

Rosettenville
Johannesburg
14 Meyi 2025

Kwa Wolemekezeka Woweruza
Khoti la Ana
Johannesburg

Wolemekezeka,

Dzina langa ndine Esinati Kamwendo, wa zaka 44. Kwathu ndi ku Dedza ku Malawi, koma ndakhala kuno ku Joni kuyambira 2004, ndipo unzika wa South Africa ndinalandira mu 2016. Ndikupempha khoti lino, potsata ndime 24 ya lamulo la ana, nambala 38 la 2005, kuti lindiike kukhala mlezi wovomerezeka wa Tadala wa zaka 13 ndi Chisomo wa zaka 7, ana a mng'ono wanga Lonely, yemwe anatisiya pa 3 Febuluwale chaka chino.

Bambo a anawa anamwalira pa ngozi ya galimoto mu 2021. Lonely sanasiye wilo, ndipo palibe amene anamulemba kuti adzakhale mlezi. Choncho lero anawa alibe munthu amene lamulo likumudziwa kuti ndiye wowayankhulira. Za unzika ndazitchula dala, chifukwa a zachisamaliro cha anthu anandiuza kuti ndime 25 imaona pempho la munthu amene si nzika ngati kutenga mwana kupita naye dziko lina. Ine sindikupita nawo kulikonse.

Anawa sanabwere kwa ine dzulo. Matenda atamukulira mayi awo mu Okutobala chaka chatha, onse atatu anasamukira kunyumba kwanga, ndipo ndinamudwazika mpaka tsiku lomaliza. Thupi titakaika kumudzi, abale anakhala pansi monga mwa mwambo. Kwathu ana ndi a kuchikazi, ndiye mawu omaliza anali a mlongo wathu, a Yohane, amene ndi mwinimbumba. Iwo anati ana abwerere ku Joni ndi amayi awo aakulu, poti anabadwira kuno, sukulu yawo ili kuno, ndipo agogo awo maso anayamba kuvuta. Akuchimuna nawonso anavomera. Makalata a mbali zonse ziwiri ndawaphatikiza.

Koma zimene tinagwirizana pa mkeka sizimveka pa kauntala. Chisomo amatupa zilonda zapakhosi pafupipafupi. Usiku amapuma mokoka, ndipo ndimadzuka kawiri katatu kukamutembenuza kuti agonere m'mbali. Adokotala anati pakufunika opaleshoni. Atandipatsa fomu, anandifunsa kuti ndine ndani wake. Ndinati amayi ake aakulu. Anandifotokozera mwaulemu kuti wongosamala mwana angathe kuvomereza mankhwala, koma za opaleshoni amasayina ndi kholo kapena mlezi wovomerezeka. Tinabwerera ndi fomu yosasayina, mwana akundifunsa mu takisi kuti, "Amayi, ndiye kuti inu si amayi anga?"

Palinso pasipoti ya Tadala, yomwe ikutha mu Novembala. Popanda chilolezo cha mlezi sangatenge ina, ndiponso sangadutse pa Beitbridge kukaona manda a mayi ake. Kuntchito kwa malemu kulinso ndalama za penshoni za ana, ndipo akufuna kudziwa amene akuwaimira mwalamulo. Ndinene poyera pano, poti nkhani za chuma cha masiye zimapasula mabanja: ndalamazo sindikuzifuna m'manja mwanga. Zisungidwe kumene khoti lingaone kuti n'koyenera, zizituluka pa za sukulu ndi chipatala basi.

Ndimagwira ntchito yosoka pa fakitale ina ya zovala kwa zaka 11 tsopano, ndipo ndimalandira R9,800 pa mwezi. Amuna anga amayendetsa galimoto yonyamula katundu, ndipo pempholi akugwirizana nalo. Tili ndi mwana mmodzi wamkazi wa zaka 16 amene amagona chipinda chimodzi ndi Tadala. Si ife olemera, lendi yokha imatenga R5,500, koma chiyambire palibe mwana amene wagona ndi njala kapena kujomba kusukulu chifukwa chosowa yokwerera.

Tadala ndi wamkulu ndithu, ndipo ndime 10 ya lamulo lomweli imamupatsa mwayi wonena maganizo ake. Ndikupempha kuti mumumve payekha, ine ndisali pomwepo.

Ndaphatikiza makope a ziphaso za imfa za makolo onse awiri, ziphaso za kubadwa za ana, chitupa changa, kalata ya kupolisi yosonyeza kuti ndilibe mlandu, mapepala a malipiro a miyezi itatu ndi kalata ya adokotala. Pakhomo panga ndi potsegula kwa a zachisamaliro cha anthu tsiku lililonse limene angafune kudzayendera. Ngati n'kotheka, nkhaniyi imvedwe nyengo yozizira isanafike pachimake, chifukwa ndi pamene Chisomo amavutika kwambiri. Tsiku lomvera nkhaniyi ndidzapemphako womasulira Chichewa.

Ine wanu modzichepetsa,

Esinati Kamwendo