Tipange mita yathu ya magetsi: pepala la ntchito la kalabu ya sayansi, Chawama

Ana inu, werengani pepalali lonse musanagwire waya. Loweruka lino tikumana mu labu 9 koloko m'mawa, mukhale m'magulu a anthu anayi, gulu lililonse ndi bokosi lake.

Kunyumba mukatumidwa kukagula mayunitsi a ZESCO, mumabwera ndi manambala 20, mumadina pa mita, nambala pa sikirini n'kukwera. Pakapita masiku yatsika, amayi ayamba kufunsa amene anasiya chitofu chiyakire. Koma kabokosi kaja kadziwa bwanji kuti yunitsi imodzi yatha? Magetsi alibe sikelo. Mita imayeza zinthu ziwiri, mavoti ndi maampu, n'kuzichulukitsa, kenaka n'kumawonkhetsa zotsatirazo nthawi ikamapita. Ntchito yake ndi yokhayo basi, ndipo ndi imene tipange ndi manja athu.

Sitigwira malaiti a pakhoma. A pasoketi ndi mavoti 230 ndipo amapha. Ife tigwiritsa ntchito batire ya mavoti 12. Aliyense amene ndimupeze akuyandikiza mawaya athu ku soketi atuluka, ndipo sipadzakhala zokambirana.

M'bokosi mwanu muli Arduino Uno ndi chingwe chake cha USB, kasensa ka INA219, sikirini ya LCD ya mizere 2 ndi zilembo 16 yokhala ndi kabolodi ka I2C kumsana, fyuzi ya maampu 3 m'kanyumba kake, swichi, mababu awiri a galimoto, la mawati 10 ndi la mawati 5, komanso mawaya. Batire ndi matimita mukatenga patebulo langa.

Yambani ndi kasensako. Kaikeni pachikhatho mukayang'anitsitse. Pafupi ndi pomangira mawaya pali kanthu kakuda, kathyathyathya, kolembedwa R100. Imeneyo ndi rezisita ya maomu 0.1, ndipo mtima wa mita yonse uli pamenepo. Magetsi onse opita ku babu adutsa m'kanthu kameneka. Podutsapo amataya timavoti pang'ono, ndipo kachipu kali pambali pake kamayeza kusiyana kwa mavoti kutsogolo ndi kumbuyo kwa rezisitayo. Lamulo la Ohm, limene munalemba m'makope temu yatha, ndi limene limamaliza nkhani:

```
I = V / R
0.071 V / 0.1 Ω = 0.71 A
```

Mwaona? Sensa ya maampu siwerenga maampu mwachindunji. Imayeza mavoti ochepetsetsa, n'kugawa ndi nambala imene ikuidziwa kale. Rezisitayo anaichepetsa dala kuti isamadye mphamvu yoyenera kupita ku babu. Ikanakhala ya maomu 10, babu likanawala mofooka kwambiri, ndipo mita ikanasokoneza chinthu chomwe ikuyezacho. Kabolodi aka kamapirira mavoti osapitirira 26 ndi maampu pafupifupi 3.2, n'chifukwa chake fyuzi yathu ndi ya 3.

Polumikiza, batire ikhale yomalizira. Waya wofiira wochokera ku + ya batire apite ku fyuzi, kuchoka pa fyuzi alowe pa VIN+. Kuchoka pa VIN- apite ku swichi, kuchoka pa swichi ku babu, ndipo mwendo wina wa babu ubwerere ku - ya batire. Imeneyi ndi njira ya magetsi aakulu, choncho gwiritsani ntchito mawaya onenepa aja, osati timawaya tamitundumitundu.

Timawaya tating'onoto ndi ta mauthenga. VCC ya sensa ndi VCC ya sikirini zipite ku 5V ya Arduino, ma GND onse ku GND. SDA ya ziwiri zonsezi ipite ku A4, SCL ku A5. Musadabwe kuti zipangizo ziwiri zikugawana mawaya omwewo. Chilichonse chili ndi adiresi yake: sensa imayankha pa 0x40, sikirini pa 0x27, ngakhale ena mwa masikirini amenewa amayankha pa 0x3F. Tsono pali waya mmodzi amene magulu amakonda kuiwala: kuchoka pa GND ya Arduino kupita ku - ya batire. Mavoti amayezedwa pakati pa malo awiri. Waya ameneyu akasowa, sensa ilibe poyambira, ndipo nambala ya mavoti imangoyendayenda yokha.

Pa laputopu ya kalabu ndaikapo kale malaibulale a Adafruit_INA219 ndi LiquidCrystal_I2C. Lembani pulogalamu iyi ndi zala zanu, musakopere pa fulashi ya mnzanu.

```cpp
#include <Adafruit_INA219.h>
#include <LiquidCrystal_I2C.h>
Adafruit_INA219 ina;
LiquidCrystal_I2C lcd(0x27, 16, 2);
float wh = 0;
unsigned long kale;

void setup() {
  ina.begin();
  lcd.init();
  lcd.backlight();
  kale = millis();
}

void loop() {
  float v = ina.getBusVoltage_V();
  float a = ina.getCurrent_mA() / 1000.0;
  float w = v * a;
  unsigned long tsopano = millis();
  wh += w * (tsopano - kale) / 3600000.0;
  kale = tsopano;
  lcd.setCursor(0, 0);
  lcd.print(v, 1); lcd.print("V ");
  lcd.print(a, 2); lcd.print("A  ");
  lcd.setCursor(0, 1);
  lcd.print(w, 1); lcd.print("W ");
  lcd.print(wh, 3); lcd.print("Wh ");
  delay(500);
}
```

Mizere yambiri apa ndi yongolemba pa sikirini. Yofunika kuimvetsa ndi iwiri. Wa `w = v * a` ukutiuza mphamvu imene babu likukoka pa kamphindi komweko, m'mawati. Wa `wh +=` ndiye mita yeniyeni. Pakapita theka la sekondi, Arduino imafunsa kuti padutsa nthawi yotalika bwanji, imachulukitsa nthawiyo ndi mawati, n'kuponya kadontho kameneko pamwamba pa zomwe zinalipo kale. Nambala ya 3600000 ilipo chifukwa `millis()` imawerenga sekondi imodzi ngati timagawo 1000, ndipo mu ola muli masekondi 3600. Ganizani za pampopi: mawati ndi ukali wa madzi potuluka, Wh ndi madzi amene adzaza m'chigubu. Mpopi wongodontha ukausiya usiku wonse umadzaza chigubu chomwecho.

Mukamaliza, mundiitane ndione mawaya, ndipo pokhapo ndi pamene mulumikize batire. Sikirini ikayaka koma osaonetsa zilembo, zunguzani kasikuluwu kabuluu kumsana kwake pang'onopang'ono. Ikakanabe, sinthani 0x27 kukhala 0x3F. Maampu akabwera ndi chizindikiro cha kuchotsera, ndiye kuti mwasinthanitsa VIN+ ndi VIN-.

Choyamba kuyesa n'chosavuta, koma musachidumphe. Swichi isayatsidwe, muwerenge sikirini. Muona mavoti 12 ndi kanthu, maampu 0.00, mawati 0.0. Mavoti alipo, akudikira, koma palibe chikuyenda, ndiye palibe cholipira. Soketi ya kunyumba yopanda cholumikizidwa ili chimodzimodzi.

Tsopano yatsani babu la mawati 10. Batire ikakhala yodzaza bwino muona manambala oyandikira 12.4V, 0.71A ndi 8.8W. Ndikudziwa kuti wina akweza dzanja, "Aphunzitsi, mita yathu ikunama, pababu alemba 10." Sikunama. Mababu a galimoto amafika pa mawati awo injini ikamalira, pamene mavoti amakwera kupitirira 13. Pa batire yongokhala amakoka zochepa. Zolembedwa pa chipangizo ndi lonjezo la opanga, za pa sikirini ndi zimene zikuchitikadi patebulo panu. Kuti mukhulupirire, ikani matimita pa miyendo ya babu mufananize mavoti. Kusiyana kwa 0.1 kapena 0.2 kusakuvutitseni, swichi ndi mawaya nazonso zimadya pang'ono.

Lisiyeni liyake, wina agwire wotchi. Lembani nthawi imene nambala yomaliza ifike pa 1.000Wh. Pa mawati 8.8 ziyenera kutenga mphindi pafupifupi 7. Yunitsi imodzi imene mumagula ndi 1 kWh, kutanthauza 1000 Wh. Ndiye kababu aka kayenera kuyaka maola oposa 110 kuti kamalize yunitsi imodzi yokha. Ketulo ya mawati 2000 ikawira mphindi 6 yadya kale 200 Wh, zomwe kababuka kangadye pafupifupi maola 23. Apa ndi pamene ndimafuna muime pang'ono. M'nyumba zambiri mwana amakalipiridwa chifukwa chosiya babu la LED likuyaka m'bafa, pamene nyemba zili pa chitofu kuyambira m'mawa mpaka masana. Kuzimitsa babu n'kwabwino ndithu, koma zimene zimamaliza mayunitsi ndi zotenthetsa: chitofu, giza, ayironi, hita ya mu Juni. Mukakafotokoza kunyumba mukanene mwaulemu, musakati aphunzitsi anena kuti amayi ndiwo olakwa.

Kenaka onjezani babu la mawati 5 pambali pa linzake, lililonse miyendo yake pa mawaya awiri omwewo. Maampu akwera kupitirira 1, mawati afika cha m'ma 13, ndipo mavoti atsika pang'ono chifukwa batire yalemedwa. Zimitsani, muwalumikize mondondozana, magetsi atuluke m'babu lina n'kulowa m'linzake. Musanayatse, aliyense alembe m'kope zimene akuganiza kuti zichitika: mawati akwera kapena atsika, ndipo babu liti liwala kwambiri. Yankho sindilemba pano.

Gulu lomaliza msanga lichite ichi. Chotsani babu la mawati 10, lizizire, muyeze maomu ake ndi matimita. Mupeza 1 kapena 2. Koma 12.4 kugawa ndi 0.71 ikupereka maomu oposa 17. Nambala zonse ziwiri n'zoona. Kawaya ka tangisiteni kali m'kati mwa galasimo kakatentha kamakaniza magetsi kwambiri, n'chifukwa chake babu lotere limakonda kupsa pa nthawi yoyatsa, likadali lozizira ndipo maampu akulowa mwankhanza.

Mita yathu ili ndi malire ake. Mukachotsa USB imaiwala zonse n'kuyambiranso pa 0, pamene ya pakhoma imasunga nambala ngakhale malaiti atapita tsiku lonse. Ndiponso magetsi a batire amayenda njira imodzi, pamene a pakhoma amapita n'kubwerera ka 50 pa sekondi. Kumeneko kuchulukitsa kamodzi pa theka la sekondi sikungathandize. Mita ya pakhoma imayeza mavoti ndi maampu kambirimbiri m'kati mwa kuzungulira kumodzi, n'kuchulukitsa nthawi iliyonse payokha, chifukwa pa zinthu za mota monga furiji ndi pampu maampu amatsalira m'mbuyo mwa mavoti, ndipo kungochulukitsa manambala awiri a pa matimita kumapereka mawati ochuluka kuposa enieni. Zimenezi ndi za sabata yamawa, pamene ndidzabweretse sensa yopana waya osamudula, ya SCT-013. Ija ndidzagwira ndekha, inu mudzaonerera.

Ntchito ya kunyumba: lembani nambala ya pa mita yanu madzulo 18 koloko, mulembenso mawa lake nthawi yomweyo. Kungowerenga ndi maso, osatsegula kanthu. Amene mumagawana mita ndi a landilodi kapena anyumba anzanu, pemphani kaye. Kenaka sankhani zipangizo zitatu, muwerenge mawati olembedwa kumsana kapena pansi pake, muchulukitse ndi maola amene zinayaka, muone ngati zikuyandikira mayunitsi amene atha. Potuluka mu labu chotsani waya wa + pa batire poyamba, ndipo mlembi wa gulu awerenge zipangizo asanabweze bokosi.