Phunziro 4: Kulekanitsa mavariyabo, chitsanzo cha belingi ya chigayo

Ikweshoni ya difarenshiyo ya oda yoyamba timati ndi yolekanitsika ikamalembeka chonchi:

```
dy/dx = f(x) g(y)
```

Zonse za y muziike kumanzere pamodzi ndi dy, za x kumanja pamodzi ndi dx, kenaka muintegirete mbali zonse ziwiri. Njira yake ndi yomweyo basi.

Makaniko wawotcha belingi ya chigayo m'mafuta mpaka 95°C kuti ifufume, ilowe bwino pa shafiti. Poti aike wapeza kuti shafiti ili ndi dzimbiri, ndiye wasiya belingi ija patebulo. Mpweya m'wekishopumo ndi 25°C. Patatha mphindi 10, belingi yafika 65°C. Idzafika liti pa 40°C kuti aigwire ndi manja?

Lamulo la Newton, lomwe analisindikiza mu 1701, limati liwiro la kuzizira limatsata kusiyana kwa kutentha kwa chinthucho ndi kwa mpweya wochizungulira:

```
dT/dt = -k(T - 25)
dT/(T - 25) = -k dt
ln|T - 25| = -kt + C
T = 25 + A e^(-kt)
```

Taimani kaye pa mzere wachitatuwo. C amalowa pomwepo, mukangointegireta. Pamayeso ambiri a inu mumamuiwala, ndiye mukamukumbukira mumangomupachika kumapeto, n'kulemba T = 25 + e^(-kt) + C. Yankho limenelo silikwanira mu ikweshoni yathu, ndipo malikisi amathera pamenepo. C ali mkati mwa mphamvu ya e, nchifukwa chake amatuluka ngati A wochulukitsa, osati wophatikiza.

Onaninso kuti pogawa ndi (T - 25) tangoganiza kuti T si 25. Komatu belingi yomwe ili kale pa 25°C imangokhala pomwepo, ndipo limenelonso ndi yankho. Limabwerera tikalola A = 0.

Tsopano manambala. Pa t = 0, T = 95, choncho A = 70. Pa t = 10, T - 25 = 65 - 25 = 40, ndipo ikafika 40°C, T - 25 = 15:

```
40 = 70 e^(-10k)
k = ln(70/40)/10 = 0.0560
15 = 70 e^(-kt)
t = ln(70/15)/k = 27.5
```

Makaniko adikire mphindi pafupifupi 27 ndi theka kuchokera pomwe anaitulutsa m'mafuta. Madigiri 30 oyamba anachoka m'mphindi 10 zokha, koma 25 otsatirawo afuna mphindi 17 ndi theka, chifukwa kusiyana kukamachepa kuzizirako kumayenda mwaulesi.

Lamuloli musalitengere paliponse. Chitsulo chofiira chochoka m'ng'anjo chimataya kutentha kochuluka mwa kuwala, ndipo kumeneko kumatsata T^4 mu Kelvin. Ikweshoni yakeyo ndi yolekanitsikabe, koma integiro yake imatulutsa thukuta.

Ntchito yobwera nayo Lachinayi: belingi yomweyo, k yemweyo, koma ku Nsanje mwezi wa Okutobala, mpweya uli pa 38°C. Pezani nthawi yofikira 40°C, ndipo fotokozani m'mizere iwiri chifukwa chake yatalika chotero.