Dongosolo la ulendo wathu wa kunyanja ndi kumpoto: Lilongwe mpaka ku Livingstonia pa minibasi

Alamu, achemwali ndi iwe mng'ono wanga, nali dongosolo lomwe munandisenzetsa lija. Tinyamuka Loweruka loyamba la Seputembala, mwera utayamba kuzizira mtima, mvula isanaganize n'komwe zobwera. Masiku ndi 9, koma ndakonza za masiku 8 okha. Lotsalalo ndi la minibasi, chifukwa penapake idzatidyera tsiku, tifune tisafune.

Lamulo ndi limodzi: tsiku lililonse tikuyenda chigawo chimodzi, kunyamuka m'mamawa, kufika dzuwa lili pamutu kapena litangopendeka. Pa mapu, Nkhotakota ndi Nkhata Bay zimaoneka ngati khomo ndi khomo. Koma minibasi siyenda ndi wotchi, imayenda ikadzadza, ndipo imaima paliponse pamene munthu waimika dzanja, ngakhale ali ndi mtolo wa nzimbe.

Loweruka tikumane mu depoti ya ku Area 2 nthawi ya 6 koloko. Tikwera ya ku Salima, mtunda wa makilomita pafupifupi 100 pa msewu wa M14, kenako kagalimoto kena kotifikitsa ku Senga Bay, komwe ndi pafupi. Chonde musathamangire kukwera chifukwa choti anyamata oitanira akukuwa kuti "watsala mmodzi". Suzumirani kaye. Ena mwa okhala m'katimo ndi anzawo omwe, angokhala kuti galimoto ioneke yodzadza, ndipo mukangolipira amayamba kutsika mmodzimmodzi. Onani ngati anthuwo ali ndi katundu pamiyendo. Ndalama tilipira galimoto ikanyamuka, mtengo titaumva tisanakwere, ndipo wolipira akhale mmodzi, alamu, kuti nkhani ya chenje isatisokoneze. Ku Senga Bay sitigona m'mahotela a m'mbali mwa madzi. Maresitihausi a kumtunda, pafupi ndi msika, ndi otchipa, ndipo nyanja ndi yomweyo, timangoyenda pansi.

Lamulungu tibwerera pa Salima kukagwira msewu wa M5 wopita ku Nkhotakota. Galimoto zimachepa tsikuli, ndiye tisagonereze. Tidutsa pa Chia, pomwe dziwe lalikulu lija limalumikizana ndi nyanja. Ogulitsa nsomba adzazinga galimoto, koma nsomba yaiwisi m'chikwama ayi. Madzulo tikaone mtengo womwe amati David Livingstone anakumanirana pansi pake ndi Jumbe mu 1863 pa nkhani ya malonda a akapolo. Mgonero wake ndi mpunga wa konko.

Lolemba ndi tsiku lovuta, ndipo ndikufuna mulimve bwino. Kuchoka ku Nkhotakota kukafika ku Nkhata Bay ndi makilomita pafupifupi 200, kudzera pa Dwangwa pa minda ya nzimbe, pa Kande ndi pa Chintheche. Kondakitala adzalumbira kuti galimoto ndi yachindunji. Nthawi zambiri si zoona: anthu akachepa pa Dwangwa, "amakugulitsani" kwa mnzake, kutanthauza kuti akutsitsani n'kukukwezani ina, iwo n'kubwerera. Palibe choopsa, bola tione ndi maso athu kuti kondakitala woyambayo wapereka ndalama yathu kwa wachiwiri, tisanatsitse zikwama. Chaka chatha ine ndinatsika mwaulemu, galimoto n'kutembenuka, ndipo watsopanoyo anandiuza kuti sakundidziwa. Ndinalipira kawiri. Njira yabwino koposa ndi kulipira mpaka pa Dwangwa pokha, kwinako tikakambirane komweko. Pali marodiboloko m'njiramu, choncho chiphaso cha unzika chikhale m'thumba, osati pansi pa chikwama.

Tikadutsa Chintheche muyang'ane minda ya mitengo ya rabala ya ku Vizara, ndi ana ogulitsa mipira yopangidwa ndi utomoni wake. Komanso muuze dalaivala kuti tikupita ku boma, kudoko, chifukwa galimoto zina zolowera ku Mzuzu zimangotsitsa anthu pamphambano.

Ku Nkhata Bay tigona masiku awiri, ndipo Lachiwiri palibe kukwera chilichonse. Tichape, tisambire, tidye kondowole ndi batala. Achemwali, ndikudziwa mumafuna Ilala ndi ku Likoma. Ndazisiya dala. Sitimayo, yomwe yakhala pa nyanjayi kuyambira 1951, imadutsa mwa apo ndi apo pa mlungu, ndipo kuidikira kungadye masiku omwe tilibe. Likoma ndi ulendo wakewake. Tikapeza ili padoko, tikaijambula basi.

Lachitatu ndi tsiku lokhalo lomwe ndikuphwanya lamulo langa, poyenda zigawo ziwiri. Nkhata Bay ndi Mzuzu ndi makilomita osakwana 50, ndipo masiyenta amadzadza msanga kuposa minibasi. Ku Mzuzu titape ndalama zokwanira masiku atatu, tisadalire kuti kutsogoloku tipeza wa Airtel Money kapena Mpamba ali ndi ndalama zambiri m'manja. Kenako ya ku Karonga, kudzera pa Ekwendeni, kutsetsereka phiri la Chiweta mpaka pa Chitimba. Amene amachita nseru akhale ku windo. Potsika paja nyanja imaonekera yonse pansi, ndipo kwa ine malo amenewa okha amabweza ndalama ya ulendo wonse.

Lachinayi tikwera ku Livingstonia kudzera msewu wa Golodi, makilomita 15 okhotakhota, makona akuthwa okwana 20. Matola alipo koma ndi odikira, mwina mpaka masana. Ine ndikuti tiyende pansi, kunyamuka 5 koloko kusanatenthe, aliyense ndi mabotolo awiri a madzi, zikwama zolemera titasungitsa komwe tagona. Alamu, bondo lanu lija likakana, inu ndi achemwali mudikire matola, tikakumana pa mathithi a Manchewe, omwe madzi ake amagwa mamita 125. Pamwamba tikaone tchalitchi ndi Stone House, nyumba yomwe ankakhala Dr Robert Laws, yomwe pano imasunga zinthu zakale. Mishoni ya Livingstonia inayambira ku Cape Maclear mu 1875, n'kusamukira ku Bandawe komwe tidzakhale titadutsa Lolemba, isanakhazikike pa Khondowe, pomwe ili lero, mu 1894, pothawa malungo a kunyanja. Tikutsata mapazi a amishoniwo. Usiku kumazizira kumeneko, juzi musaiwale. Ndipo moni ndi "monire", zikomo ndi "yewo".

Lachisanu kutsika, kukagona ku Mzuzu pafupi ndi depoti. Loweruka basi yaikulu ya m'mawa, kudzera m'nkhalango ya Chikangawa, pa Jenda ndi ku Kasungu. Makilomita oposa 350 pa minibasi msana sungalole.

Za pogona: zipinda ziwiri, amuna kwawo, akazi kwawo, chilichonse chisapose K20,000. Tisanalipire, mmodzi alowe aone neti ya udzudzu ngati ilibe zibowo, loko wa chitseko, madzi kubafa ndi soketi yotchajira foni. Funsaninso ngati pali bala kuseri, chifukwa resitihausi yachete masana imatha kukhala dansi usiku wonse. Tengani chitenje choyala, kaloko kanu, tochi ndi sopo.

Aliyense abweretse K450,000. Ndaika K150,000 ya mayendedwe, K80,000 ya pogona, K135,000 ya chakudya, ndipo K85,000 yotsalayo isakhudzidwe pokhapokha mafuta atasowa mitengo n'kukwera, kapena wina atadwala. Musaike zonse malo amodzi. Iwe mng'ono wanga, chikwama chako chikhale choti uchifungatira pamiyendo maola asanu, chifukwa chikakula kondakitala adzachilipiritsa mpando. Tikabwerako, popeza tisambira m'nyanja, tonse tikayezetse likodzo.

Ndiyankheni pofika Lachitatu ngati masikuwa akukuyenerani, makamaka inu alamu amene mukufunika kupempha tchuthi ku ntchito.