Kwa anzanga a magolosale ndi maokala pa Mangochi boma: tiyeni tizioda katundu pamodzi

Amayi ndi abambo anzanga,

Sabata yatha, popita ku Limbe kukaoda katundu, tinapezeka anthu anayi a mzere umodzi wa mumsika muno m'minibasi imodzi. Aliyense analipira yekha ulendo, aliyense anakagula mabelo awiri kapena atatu a shuga pa mtengo wa munthu wogula pang'ono, pobwera n'kulipiranso ya katundu payekhapayekha. Magolosale anayi anakhala otseka tsiku lonse. Zinandipweteka mtima, chifukwa phindu lathu likuthera mumsewu wa Zomba ndi Liwonde.

Mwini holoselo satsitsira munthu wa mabelo atatu. Koma tikakhala khumi, aliyense ndi mabelo ake asanu, akwana 50, ndipo wonyamula ndalama ya mabelo 50 amapatsidwa mpando, amanenerera, akakana apa amapita sitolo ina. Ngakhale maholoselo a konkuno adzayamba kutiyimbira okha.

Maganizo anga ndi oti tiyambe ndi katundu wosachedwa kutha komanso wosaonongeka msanga: shuga, mchere, sopo, mafuta ophikira a zigubu za malita 20 ndi ufa wa tirigu wa amayi okazinga mandasi. Tizioda kawiri pa mwezi. Aliyense alembetse zimene akufuna m'kaundula wa gulu ndi kupereka ndalama yonse pofika Lolemba, pamanja kapena pa Airtel Money ndi Mpamba. Ngongole ayi. Ndanenetsa pamenepa chifukwa magulu ambiri amafera pa mawu oti "ndipereka katundu akafika".

Kokagula kuzipita anthu awiri, mosinthanasinthana, atafunsiratu mitengo pa foni m'maholoselo osachepera atatu. Lisiti lililonse lijambulidwe n'kutumizidwa kwa tonse galimoto isananyamuke. Ya lole tizigawana molingana ndi katundu wa munthu, kuti wa okala yaing'ono asasenze mtolo wa mwini golosale yaikulu. Chigubu chikaphulika panjira, kutayako n'kwa tonse. Katundu akafika aliyense azigulitsa pa mtengo wake, gulu silidzalowerera pa kauntala ya munthu.

Ndikudziwa kuti ena munapsapo ndi chipereganyu kapena banki m'khonde, ndipo simukufunanso kusungitsa ndalama kwa mnzanu. N'chifukwa chake ndalama zathu sizidzagona kwa msungichuma masiku oposa awiri, ndipo mlembi adzakhala munthu wina.

Tikumane Loweruka lino 4 koloko madzulo pakhonde la golosale yanga, moyang'anana ndi ogulitsa usipa. Lachisanu ndalipewa dala kuti opita ku mzikiti asaphonye. Anzathu a kutsidya la mlatho wa Bakili Muluzi, kwa M'baluku, nanunso bwerani. Mubwere ndi malisiti a ulendo wanu womaliza kuti tiwerengere limodzi.

Ndine mnzanu pa malonda,
Mayi wa golosale ya chitseko chobiriwira